Kufinya memore kwa alendo ongokhala: baluni, kugawana masamba kapena swapu?

Tiyerekeze kuti muli ndi seva ya Linux yoyendetsa KVM, njira ya Linux yoyendetsera makina ongoyerekeza, yokhala ndi RAM ya 128 GiB. Pa sevayo mwaikapo makina ongoyerekeza 20, omwe m'nkhani ino tiziwatchula alendo, ndipo mlendo aliyense mwamulonjeza 8 GiB. Malonjezo onse pamodzi akukwana 160 GiB. Seva yokhayo imafuna yake, tinene 8 GiB, ndiye yotsala yogawira alendo ndi 120 GiB basi. Papelewera 40 GiB.

Masiku oyamba simuona vuto lililonse. Seva sipereka memore yonse kwa mlendo pamene akuyatsidwa. Imapereka tsamba limodzilimodzi, la 4 KiB kapena lalikulu la 2 MiB, pokhapokha mlendoyo akalikhudza koyamba. Choncho mlendo wongoyatsidwa kumene akhoza kukhala akudya 1 GiB yokha ngakhale ali ndi lonjezo la 8. Koma tsamba likangokhudzidwa, seva imaliwerengera kuti ndi la mlendoyo mpaka kalekale. Mlendo akamaliza ntchito n'kumasula tsambalo, amangolemba m'kaundula wake wamkati kuti tsamba ili lilibe ntchito. Seva simaona kaundula ameneyo. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, mlendo aliyense amakhala atakhudzapo pafupifupi masamba ake onse, ndipo pamenepo m'pamene 40 GiB ija imayamba kufunsidwa.

Njira zonse zobwezera memore zimasiyana pa funso limodzi: ndani akusankha tsamba loti lichotsedwe, ndipo akudziwa chiyani za tsambalo? Mlendo amadziwa tsamba lopanda kanthu, la kashe ya mafayilo yomwe angathe kuitaya, ndi lomwe detabesi ikuligwiritsa ntchito pakali pano. Seva imangoona manambala. Mukasunga funso limeneli m'mutu, ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse kumadzionekera kokha.

Mwa alendo athu 20, tinene kuti 12 ndi makina oyesera mapulogalamu, onse a Linux yofanana, ndipo nthawi zambiri amangokhala. Asanu ndi mmodzi ndi a mawebusaiti, awiri ndi a detabesi.

Baluni: seva ikupempha, mlendo akusankha yekha

Mkati mwa mlendo mumakhala dalaivala wamng'ono yemwe amamvera seva. Pa KVM ndi `virtio_balloon`, pa ESXi, pulogalamu ya VMware yoyendetsa alendo, ndi `vmmemctl`. Seva ikafuna memore imamuuza dalaivalayo kuti afufume. Iye amapita kwa kenelo ya mlendo n'kupempha masamba ngati mmene pulogalamu ina iliyonse ingapemphere, ndipo akawalandira sawagwiritsa ntchito. Amangotumiza manambala a masambawo kwa seva, nayo seva imatenga RAM yeniyeni yomwe inali pansi pa masambawo n'kuipereka kwina. Kwa mlendo masambawo akadalipo, kungoti agwidwa ndi dalaivala amene sawabweza mpaka seva itamuuza kuti aphwe.

Luso la njirayi lagona poti kenelo ya mlendo ndi yomwe imafunafuna masambawo. Imayamba ndi opanda kanthu. Akatha, imataya kashe ya mafayilo yomwe yakhalitsa osawerengedwa, ndipo kutayako sikudula chifukwa mafayilowo alipo kale pa disiki. Ikapanikizika kwambiri m'pamene imayamba kulemba masamba a mapulogalamu ku swapu yake, malo a pa disiki osungirapo masamba ochotsedwa mu RAM. Carl Waldspurger wa ku VMware anafotokoza njira imeneyi mu 2002, ndipo ganizo lake silinasinthe kwenikweni mpaka lero.

Musanafufumitse baluni, funsani kaye mlendoyo. Mu XML ya mlendo payenera kukhala izi kuti dalaivala azitumiza ziwerengero:

```
<memballoon model='virtio'>
  <stats period='10'/>
</memballoon>
```

Kenako `virsh dommemstat test01` akhoza kukupatsani zonga izi, manambala onse ali mu KiB:

```
actual 8388608
unused 524288
usable 5767168
disk_caches 5242880
rss 8302592
```

Mzere wa `rss` ukunena kuti seva yapereka pafupifupi 8 GiB yonse kwa mlendoyu. Wa `unused` ukunena kuti yopandiratu kanthu ndi theka la GiB lokha, ndipo munthu wongoyang'ana pamenepa angaganize kuti mlendoyu wadzaza. Sanadzaze. Linux sikonda kusiya RAM ili chabe, imaidzaza ndi mafayilo omwe inawerengapo, ndipo ndi zimene `disk_caches` akuonetsa, 5 GiB yathunthu. Mzere wofunika ndi `usable`: mlendoyu angathe kupereka pafupifupi 5.5 GiB osakhudza swapu. Ndiye kuti zomwe akuzifunadi ndi pafupifupi 2.5 GiB.

Ine sindingamutsitse mpaka pa 2.5. Ndingamusiye pa 4 GiB kuti akhale ndi 1.5 GiB yopumira ndi kashe yochepa ya mafayilo omwe amawawerenga kawirikawiri:

```
virsh setmem test01 4G --live
```

Mukachita zimenezi kwa alendo onse 12, mwabweza 48 GiB. Tsopano alendo ongokhala akudya 48, ena asanu ndi atatu aja akudya 64, zonse 112 GiB, ndipo mwakwanira mu 120 n'kutsala 8. Njira imodzi yokhayi yatseka mpata wonse, ndipo palibe ina pakati pa zotsatirazi imene ingafike pamenepa.

Koma baluni ili ndi makhalidwe ake. Choyamba, ndi pempho chabe. Lamulo la `setmem` limabwerera msanga, koma zimenezi sizitanthauza kuti memore yabwera. Yang'anani ngati `actual` akutsika mpaka pa 4194304 komanso ngati `rss` akutsatira. Ngati `actual` sakusuntha, dalaivala mulibe kapena sanadzuke, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi mlendo wa Windows yemwe sanaikidwe madalaivala a virtio. Ngati `actual` watsika koma memore ya seva sinamasuke, funsani mmene memore ya mlendoyo inaperekedwera. Mlendo yemwe anapatsidwa chipangizo chenicheni cha PCI kudzera pa VFIO amakhala ndi memore yokhomeredwa yonse, chifukwa chipangizocho chimalemba mu RAM mwachindunji, ndipo baluni sibweza kanthu. Chimodzimodzinso mlendo wokhala pa masamba aakulu osungidwiratu a hugetlbfs: baluni imabweza tizidutswa ta 4 KiB, pomwe seva singathe kumasula kachidutswa ka tsamba lotero.

Chachiwiri, baluni imachedwa pamene mukuifuna kwambiri. Kutaya kashe n'kwachangu, koma ngati mlendo ayenera kulemba kaye masamba ku disiki, mudikira. Seva ikakhala yatsala ndi masekondi ochepa kuti memore ithe, baluni singaipulumutse.

Chachitatu ndi kufufumitsa mopyola. Tiyerekeze kuti mwamutsitsa `test01` mpaka 2 GiB, iye akufuna 2.5. Theka la GiB liyenera kupita ku swapu ya mlendo, ndipo mudzaona `swap_out` ndi `major_fault` akukwera mu `dommemstat` nthawi iliyonse mukayang'ana. Ngati mlendoyo alibe swapu, kenelo yake imayamba kupha mapulogalamu, ndipo mu `dmesg` mumapezeka uthenga wa `Out of memory: Killed process`. Mungathe kuika `autodeflate='on'` pa `memballoon` kuti dalaivala azibweza masamba mlendo asanafike pakupha. Dziwani kuti mukatero mwapereka kiyi kwa mlendo, ndipo 48 GiB ija siilinso yotsimikizika. Pali chinanso chosokoneza eni ake a makinawo. Popanda `autodeflate`, lamulo la `free` mkati mwa mlendo limaonetsa kuti memore yonse yachepa kufika cha m'ma 4 GiB. Likakhalapo, memore yonse imaoneka yomweyo koma gawo lalikulu lili logwiritsidwa ntchito popanda pulogalamu yoligwira. Munthu amatha tsiku akufunafuna pulogalamu yotayikira memore, osadziwa kuti ndi baluni.

Alendo awiri a detabesi aja asiyeni. Detabesi imatenga chigawo chachikulu cha memore n'kumachiyendetsa yokha, ndipo kenelo sidziwa kuti m'chigawomo tsamba lofunika ndi liti. Apa nzeru yonse ya baluni yatha, chifukwa wosankhayo nayenso ali mumdima. N'chimodzimodzi ndi mapulogalamu a Java okhala ndi mulu waukulu wa memore: nthawi yotolera zinyalala ikafika amakhudza masamba ambirimbiri, ndipo aliwonse omwe anapita ku swapu ayenera kubwerera.

Kumbukiraninso kuti libvirt, pulogalamu yomwe imalandira malamulo a `virsh`, payokha sifufumitsa baluni seva ikapanikizika. Payenera kukhala munthu kapena pulogalamu yoyang'anira yotumiza lamulolo. ESXi imachita yokha, ndipo mwachizolowezi silola baluni kupitirira 65 peresenti ya memore ya mlendo.

Mng'ono wake wa baluni

Kuyambira pa Linux 5.7 ya mu 2020, mlendo angathe kumauza seva yekha za masamba opanda kanthu popanda kupemphedwa. Pa libvirt mumaonjezera `freePageReporting='on'` pa `memballoon` pomwe paja. Mlendo amasonkhanitsa zigawo zikuluzikulu zopanda kanthu, kawirikawiri za 2 MiB, n'kuzinena kwa seva, ndipo akazifunanso amangozikhudza, seva n'kumupatsa zina. Palibe chandamale choti muwerengere ndipo palibe chiopsezo chofinya mlendo mopyola.

Phindu lake ndi lochepa pa alendo ngati athuwa. Kashe ya mafayilo siwerengedwa kuti ilibe kanthu, ndiye chomwe mungayembekezere ndi `unused` uja, theka la GiB pa mlendo aliyense, 6 GiB pa onse 12 zikayenda bwino kwambiri. Njirayi imaonetsa mphamvu pa mlendo yemwe amagwira ntchito yaikulu kwa ola limodzi kenako n'kumasula zonse. Ine ndimaiyatsa kwa aliyense amene angaikwanitse, chifukwa mtengo wake ndi wochepa, koma sindiiwerengera kuti itseka mpata wa 40 GiB.

Kugawana masamba ofanana

Njira iyi sipempha chilolezo kwa mlendo ndipo sichotsa kanthu. Seva imayendayenda m'memore ya alendo kufunafuna masamba awiri ofanana ndendende. Ikawapeza imasunga limodzi, imamasula linalo, ndipo onse awiri amaloza pa tsamba lotsalalo, lomwe tsopano latsekedwa kuti lisalembedwe. Mlendo wina akafuna kulembapo, purosesa imaima pang'ono, seva imakopera tsambalo n'kumupatsa lakelake. Alendo 12 a Linux yofanana amakhala ndi mapulogalamu ndi mafayilo ofanana ambiri m'kashe, choncho ndi malo abwino a njirayi.

Pa Linux ntchitoyi ndi ya KSM, yomwe inalowa mu kenelo 2.6.32 mu 2009. QEMU, pulogalamu yoyendetsa mlendo aliyense pa KVM, amalembetsa kale memore ya alendo kuti ndi yololedwa kuphatikizidwa, ndiye chotsala ndi kuyatsa:

```
echo 1 > /sys/kernel/mm/ksm/run
cd /sys/kernel/mm/ksm; grep . pages_*shar*
```

Chomwe ambiri sachiyembekezera ndi kuchedwa kwake. Mwachizolowezi `pages_to_scan` ndi 100 ndipo `sleep_millisecs` ndi 20, kutanthauza kuti `ksmd` amayang'ana masamba 100 n'kupuma mamilisekondi 20. Amenewo ndi masamba osapitirira 5,000 pa sekondi, pafupifupi 20 MB. Memore ya 120 GiB ili ndi masamba 31,457,280, ndiye kuzungulira kamodzi kumatenga pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 45. Kamodzi sikokwanira. KSM safuna kuvutika ndi tsamba losinthasintha, choncho tsamba latsopano amaliona ulendo woyamba n'kusunga chizindikiro chake, ndipo amaliyesa loyenera kuphatikizidwa akalipezanso lisanasinthe ulendo wotsatira. Mukayatsa KSM seva itapanikizika kale, thandizo lenileni lifika patapita maola. Mungakweze `pages_to_scan`, ndipo pulogalamu ya `ksmtuned` imachita zimenezi yokha memore yaulere ikatsika pansi pa 20 peresenti, koma liwiro limenelo mumalipira ndi purosesa.

Tinene kuti tsiku lotsatira mwapeza izi:

```
pages_shared:400000
pages_sharing:2600000
pages_unshared:9000000
```

Nambala yoonetsa phindu ndi `pages_sharing`, osati `pages_shared`. Yoyamba pa mndandandawo ikungonena masamba 400,000 omwe asungidwa ngati a onse. Yachiwiri ikunena malo owonjezera omwe akuloza pa masamba amenewo, ndipo 2,600,000 kuchulukitsa ndi 4 KiB ndi pafupifupi 9.9 GiB yopulumutsidwa. Yachitatu ndi masamba omwe `ksmd` akungowayang'ana mobwerezabwereza osawapezera mnzawo. Ikakhala yaikulu kwambiri poyerekeza ndi `pages_sharing`, purosesa ikutuluka thukuta pachabe, ndipo pa seva yathu ena mwa masamba amenewo ndi a detabesi ziwiri zija. Mungawachotse pa mndandanda poika `<nosharepages/>` pansi pa `<memoryBacking>` mu XML yawo.

Pafupifupi 10 GiB yopezeka popanda kuvutitsa mlendo aliyense imakoma. Vuto lake n'loti ndi memore yobwereka kwa anthu osadziwa kuti anakubwerekani. Aliyense angathe kuitenga nthawi iliyonse pongolemba pa tsamba lake. Ganizirani usiku womwe alendo onse 12 akudzikonzera mapulogalamu pa ola limodzi. Mafayilo atsopano akulowa m'kashe, akulembedwa pamwamba pa masamba omwe anali ophatikizidwa, ndipo kulemba kulikonse kukufuna tsamba latsopano kwa seva. M'mphindi zochepa gawo lalikulu la 10 GiB ija labwerera kwa eni ake. Mafayilo atsopanowo nawonso ndi ofanana, inde, koma `ksmd` adzawapeza patapita maola. Ngati munali mutaikapo kale alendo ena awiri podalira memore imeneyi, seva ilowa mu swapu usiku womwewo. Chenjeraninso ndi `echo 2 > /sys/kernel/mm/ksm/run`, chifukwa lamulo limeneli limamasula masamba onse ophatikizidwa nthawi imodzi. Pa seva yothina gwiritsani 0, yemwe amangoimitsa kufufuza n'kusiya zophatikizidwa zili momwemo.

Musaphatikize phindu la baluni ndi la KSM ngati masamu a kusukulu. Masamba omwe KSM amawaphatikiza mosavuta ndi a kashe ya mafayilo, ndipo ndi omwewo amene mlendo amayamba kutaya baluni ikafufuma. Mlendo akabweza tsamba lomwe akugawana ndi anzake 11, seva sipindula kanthu mpaka womaliza atalisiya. Ndiye 48 ndi 10 sizikwana 58. Mukafufumitsa mabaluni mudzaona `pages_sharing` akutsika, ndipo si kuti china chawonongeka.

KSM amalimbananso ndi masamba aakulu. Tsamba la 2 MiB limathandiza purosesa kupeza maadiresi mwachangu, koma kuti KSM aphatikize kachigawo ka 4 KiB mkati mwake ayenera kuliswa. Mwapeza memore, mwataya liwiro pang'ono. Pa seva ya mapurosesa awiri pali chinanso: tsamba logawanalo likhoza kukhala m'memore ya purosesa yakutali. Kuika `merge_across_nodes` pa 0 kumaletsa zimenezi, ngakhale kuti phindu limachepa, ndipo kumatheka pokhapokha palibe masamba ophatikizidwa kale.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi ya chitetezo. Kulemba pa tsamba lophatikizidwa kumatenga nthawi yotalikirapo kusiyana ndi kulemba pa tsamba wamba, chifukwa cha kukopera kuja. Mlendo wa zolinga zoipa angathe kupanga tsamba lomwe akuganiza kuti mnzake ali nalo, kudikira, kenako kulembapo akuyeza nthawi. Likachedwa, wadziwa kuti mnzakeyo ali ndi tsamba lofanana ndendende. Mu 2016 ofufuza a pa Vrije Universiteit Amsterdam anaonetsa zoopsa kuposa apa ndi njira yotchedwa Flip Feng Shui: anaphatikiza kugawana masamba ndi chilema cha Rowhammer cha mu RAM n'kusintha zomwe zinali m'tsamba la mlendo wina. VMware inali itasiya kale kugawanitsa masamba pakati pa alendo osiyana mwachizolowezi, ndipo kuyambira pa ESXi 6.0 ya mu 2015 amene akufuna ayenera kuyatsa yekha. Kwa ine mzere ndi woonekeratu. Alendo onse akakhala a mwini mmodzi, ngati makina athu 12 oyesera, KSM alibe vuto lalikulu. Akakhala a makasitomala osadziwana, azimitsidwe, ngakhale phindu litakhala lokopa chotani.

Swapu ya seva, ndi kupanikiza masamba

Zonse zikalephera, seva imatenga masamba a mlendo n'kuwalemba ku disiki yake popanda kufunsa. Njirayi siidalira dalaivala, siidikira chilolezo, ndipo imagwira ntchito nthawi yomweyo. N'chifukwa chake seva yolonjeza memore yoposa yomwe ili nayo iyenera kukhala ndi swapu. Popanda iyo, kenelo ya seva imapha pulogalamu yodya memore yambiri, ndipo pa seva ya KVM pulogalamu yoteroyo ndi mlendo wathunthu, mwinanso detabesi yomwe munkaiteteza ija.

Koma seva ikusankha ngati munthu wotulutsa katundu m'chipinda cha mnzake mumdima. Imangodziwa kuti tsamba ili silinakhudzidwe posachedwa. Ikhoza kuvutika kulemba ku disiki tsamba lomwe mlendo analimasula kalekale, kapena kashe yomwe baluni ikanangoitaya ulele, kapenanso tsamba la kenelo ya mlendo lomwe lidzafunika sekondi yotsatira. Kuwerenga RAM kumatenga pafupifupi mananosekondi 100, kuwerenga disiki yabwino ya NVMe pafupifupi mamaikirosekondi 100, kusiyana kwa ka 1,000. Palinso kapusidwe kena kodziwika bwino. Seva yalemba tsamba ku swapu yake chifukwa lazizira. Mlendo naye, atapanikizika, wasankha tsamba lomwelo pa chifukwa chomwecho kuti alilembe ku swapu yake. Kuti alilembe ayenera kuliwerenga, ndiye seva ikulibweza kuchokera ku disiki kuti mlendo alilembenso ku disiki. Izi zimachitika makamaka mukafufumitsa baluni mochedwa, seva itayamba kale swapu.

Chizindikiro chake n'chakuti mlendo akuyenda mokwawa koma mkati mwake zonse zikuoneka bwino: swapu yake ilibe kanthu, purosesa sikuoneka yotanganidwa, disiki ili chete. Yankho lili kunja. Pa seva onani mzere wa `VmSwap` mu `/proc/<pid>/status` ya QEMU wa mlendoyo, ndi mizati ya `si` ndi `so` mu `vmstat 1`. Kukhala ndi masamba mu swapu pakokha si tsoka, chifukwa ngati ali oziziradi sabwereranso. Choopsa ndi `si` wosatsika pa ziro, kutanthauza kuti masamba akuitanidwa kuchokera ku disiki mosalekeza. Pa ESXi yang'anani `SWR/s` mu `esxtop`, ndipo `MCTLSZ` akuuzani kukula kwa baluni.

Kupanikiza masamba kumachepetsa ululuwu. Ndi zswap, tsamba lopita ku disiki limafinyidwa n'kusungidwa mu RAM momwemo, ndipo kulibweza kumatenga mamaikirosekondi ochepa chabe. ESXi imachita zofananazo kuyambira pa 4.1, ndipo imasunga tsamba lofinyidwa pokhapokha likachepa kufika theka. Wosankha akadali seva yosaona, koma akalakwitsa mtengo wake ndi wotsika. Deta yobisidwa ndi kiyi komanso zithunzi ndi makanema ofinyidwa kale sizifinyikanso, ndiye phindu limadalira zomwe alendo asunga.

Pa seva yathu ija

Ndondomeko yomwe ESXi imatsata ikusonyeza bwino kulemera kwa njirazi: memore yaulere ikayamba kuchepa imafufumitsa mabaluni, ikachepa kwambiri m'pamene imafinya ndi kulemba ku swapu. Pa KVM ndondomekoyi muyenera kuikonza nokha. Ine ndingayatse kunena masamba opanda kanthu kwa alendo 18 omwe si a detabesi. Ndingatsitse 12 aja mpaka 4 GiB seva isanathine, osadikira `si` ndi `so` kuyamba kusuntha. KSM ndingamuyatse chifukwa onse ndi a mwini mmodzi, koma zomwe wapulumutsa ndingazione ngati malo opumira, osati malo oikapo mlendo wa nambala 21. Swapu ndi zswap zikhalepo kudikira usiku woipa. Ma detabesi awiri akhale kunja kwa baluni ndi KSM, ndipo ngati n'kotheka memore yawo ikhomeredwe ndi `<locked/>` kapena ikhale pa hugetlbfs kuti swapu ya seva isawakhudze. Mukatero muwerengere 16 GiB yawo ngati yochokeratu.

Masamu onsewa aima pa mawu amodzi, akuti alendo 12 aja amangokhala. Tsiku lomwe gulu loyesa mapulogalamu lidzafune makina onse pa mphamvu zawo zonse, seva ili ndi 8 GiB yokha yotsala, yokwanira kubwezera alendo awiri okha pa 8 GiB. Wachitatu adzadya zomwe KSM wapulumutsa, ngati zikadalipo, ndipo wachinayi kapena wachisanu adzakankhira anzake ku swapu. Choncho musanaphwetse baluni iliyonse onani `MemAvailable` mu `/proc/meminfo` ya seva, ndipo phwetsani mmodzimmodzi, 1 GiB pa ulendo, mukuyang'ana `/proc/pressure/memory`. Ngati nambala ya `avg10` pa mzere wa `some` yayamba kukwera n'kukhazikika pamwamba, imani pomwepo. Ndipo ngati mwapeza kuti alendo oposa atatu mwa 12 amadzuka pamodzi tsiku ndi tsiku, ndiye kuti si ongokhalanso. Samutsirani ena ku seva ina kapena onjezerani RAM, chifukwa baluni pa mlendo wotanganidwa imangosamutsa swapu kuchoka pa seva kupita mkati mwake.